Masilaidi ophunzitsira antchito atsopano: jambulani zomwe zimachitika pa kauntala panu

*Ndili ndi sitolo pa Kamuzu Road kuno ku Salima. Timagulitsa za golosale komanso tinthu ta magetsi monga mababu, matochi ndi maketulo. Ndalemba achinyamata anayi omwe sanagwirepo ntchito m'sitolo. Mwana wanga anandipezera masilaidi 40 a Chingerezi pa intaneti onena za kasamalidwe ka makasitomala, koma ngakhale ineyo sindikutolapo kanthu. Ndikufuna ndipange anga, a zithunzi zosavuta. Ndiyambire pati, ndipo ndijambule chiyani? Laputopu ilipo, pulojekita ndilibe.*
Mayi wa sitolo, Salima

Mayi, laputopuyo ibakhala kaye m'chikwama. Tengani kope ndi cholembera, muime pambali pa kauntala kwa masiku angapo, ndipo tsiku limodzi likhale la kumapeto kwa mwezi pamene anthu alandira ndipo m'sitolo mwadzaza. Musagulitse, muzingoyang'ana. Kasitomala akakwinya nkhope, akakweza mawu, akatuluka osagula kanthu, kapena wantchito akafuula kuti "amayi, tabwerani," lembani mzere umodzi: chachitika n'chiyani, ndipo chachitikira pati. Mukadzawerenga kopelo mudzaona kuti mavutowo si ambiri, amangobwerezabwereza. M'masitolo a mtundu wanuwu kawirikawiri amakhala awa: munthu waima nthawi yaitali popanda womulankhula, wafunsa chinthu n'kungoyankhidwa kuti "palibe," akangana pa chenji, wanena kuti walipira pa foni koma ndalama sizikuoneka, kapena wabweza katundu. Ngati m'kope lanu mwatuluka zina, tsatirani za m'kope lanulo, osati zangazi. Zinthu zinayi kapena zisanu zomwe zikubwera kawirikawiri ndizo maphunziro anu onse.

Masilaidi a pa intaneti amalephera chifukwa amaphunzitsa khalidwe: khalani aulemu, khalani oleza mtima, kasitomala ndi mfumu. Mnyamata wochokera ku Khombedza kapena mtsikana wa ku Chipoka ulemu akuudziwa kale, anaphunzira kwawo. Chimene sakudziwa n'chakuti achite chiyani bambo akaponya ketulo pa kauntala n'kunena kuti yapsa tsiku lomwelo. Komanso khalidwe silijambulika. Mungajambule bwanji kuleza mtima? Koma "ikani ndalama ya kasitomala pamwamba pa kabati mpaka mutamaliza kupereka chenji" ndi chinthu chojambulika, ndipo mawa mutha kuona ndi maso anu ngati chikuchitika. Choncho silaidi iliyonse muziifunsa funso limodzi: kodi zomwe ikunenazi ndingazione wantchito akuzichita? Ngati simungazione, ichotseni.

Zithunzi zomwe mukufuna ndi za mitundu itatu yokha, ndipo mtundu uliwonse uli ndi ntchito yake. Pali mapu a sitolo, ojambulidwa ngati mukuyang'ana kuchokera kudenga, oyankha funso lakuti "ndiime pati." Pali mzere wa mabokosi olumikizidwa ndi mivi, wa ntchito yomwe imachitika mofanana nthawi zonse, monga kulandira ndalama. Ndiye pali chithunzi cha mphambano, pomwe pali funso ndipo njira zimagawikana, ina ya "inde" ina ya "ayi." Anthu ambiri amasokoneza mtundu wachiwiri ndi wachitatu. Amajambula mzere wowongoka pa nkhani yomwe ili ndi mphambano, ndiye wantchito akafika pomwe zinthu zasiyana ndi chithunzi amasowa kolowera.

Mapu satenga nthawi. Jambulani khomo, kauntala, mashelefu ndi kuseri kosungira katundu, kenako ikani timadontho tinayi tokhala ndi mayina a antchito anuwo pomwe aliyense aziima. Kokani mzere umodzi kuchokera pakhomo wosonyeza momwe kasitomala amayendera, ndipo pomwe ayenera kupatsidwa moni ikanipo nyenyezi. Phindu la mapuwa n'lakuti amathetsa zoyang'anizana, aliyense kuganiza kuti mnzake ndiye amulandira. Dontho lomwe lili pafupi ndi nyenyezi ndiye mwini moni.

Pomwe ndikufuna tikhalitsepo ndi pa katundu wobwezedwa, chifukwa m'pamene sitolo imatayira makasitomala akale, ndipo m'pamenenso kujambula kumavuta. Tiyerekeze bambo wina wagula ketulo ya magetsi Lachisanu, wapita nayo ku Senga Bay, ndipo Lolemba wabwera nayo akuti sikuyaka. Walipira thiransipoti kubwera, adzalipiranso kubwerera, ndiye wafika atakwiya kale. Inu mwapita kukaoda katundu ku Lilongwe. Pa kauntala pali mtsikana yemwe wayamba ntchito sabata yatha.

Tengani pepala, osati kompyuta, muyambe kujambula zomwe mukufuna mtsikanayu achite. Mudzangojambula bokosi limodzi kapena awiri n'kuima, chifukwa mudzapeza kuti lamulo lake mulibe. Nthawi zonse mwakhala mukuweruza nokha, poona nkhope ya munthuyo ndi momwe mumamudziwira. Apa m'pamene chithunzi chimathandiza mwini sitolo asanathandizike wantchito: muvi uliwonse umafuna kokathera, ndiye chimakukakamizani kugamula. Musapitirire musanayankhe mafunso atatu. Umboni woti chinthu chinagulidwa muno ndi uti? Wantchito angasinthe yekha katundu wa ndalama zofika pati? Nanga munthu wongosintha maganizo, katundu ali bwinobwino, mumamulola mpaka masiku angati? Manambala ake ndi anu. Ine pano ndingoyerekeza K10,000 ndi masiku awiri kuti tione momwe chithunzicho chingakhalire.

Bokosi loyamba pamwamba lisakhale funso. Lilembedwe kuti: "Mvetserani mpaka amalize." Antchito atsopano amafulumira kufunsa lisiti munthu asanamalize chiganizo choyamba, ndipo kwa wokwiya funso limenelo limamveka ngati akumutcha wakuba. Pansi pake pabwere bokosi lachiwiri: "Pepesani, pitani naye pambali." Kupita naye pambali kuli ndi zifukwa ziwiri, mzere wa ena upitirire kuyenda, komanso munthu amatsitsa mawu pakakhala palibe gulu lomuonerera.

Kenako funso loyamba, m'bokosi longa dayamondi: "Chinagulidwa muno?" Pambali pake, m'zilembo zocheperako, lembani umboni womwe mumavomereza: lisiti, kope la malonda, kapena meseji ya malipiro a pa foni. Ambiri kwathu kuno lisiti amataya asanafike pa depoti, ndiye mukati lisiti lokha basi mudzakana anthu oona mtima ambiri. Njira ya "ayi" isathere pa mawu akuti "kanani." Ithere pa bokosi lakuti "Lembani dzina ndi nambala, amayi aimba lero." Ili ndi lamulo la chithunzi chonse: njira iliyonse ithere pa chinthu chomwe wantchito angachite ndi mawu omwe anganene. Njira yothera m'malere ndi yomwe imabala yankho lija lakuti "abwana kulibe, mubwere mawa," ndipo bambo wa ku Senga Bay mawa sabwera, akagula kwina mpaka kalekale.

Njira ya "inde" itsikire pa funso lachiwiri: "Chawonongeka kapena chatha masiku?" Pa ketulo, wantchito ayiyese pomwepo pa soketi kasitomala akuona, ndipo pa za golosale awerenge deti ya pa paketi. Yankho likakhala "ayi," kutanthauza kuti munthuyo wangosintha maganizo, muvi upite kumbali pa bokosi lakuti "Chosatsegula, masiku awiri asanathe: sinthani ndi china." Likakhala "inde," tsikirani pa funso lachitatu, lomwenso ndi lomaliza: "Mtengo wake ukuposa K10,000?" Ngati sukuposa, "Sinthani pompano, lembani m'kope." Ngati ukuposa, "Imbirani amayi kasitomala ali pomwepo." Ketulo yathuyi mwina igwera njira yomalizayi, ndipo palibe vuto. Mtsikana uja sanagamule yekha, koma sanamuthamangitsenso munthuyo. Wamumvetsera, wayesa ketulo, waimba foni pamaso pake, ndipo bamboyo waona kuti nkhani yake ikuyenda.

Pa njira ya katundu wowonongekayi ndikuchenjezeni. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe ambiri amangoti CFTC, lakhala likuchenjeza eni masitolo za zikwangwani zija zakuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Chikwangwani sichikuchotserani udindo pa chinthu chomwe mwagulitsa chili chowonongeka. Ngati chilipo pakhoma panu, chichotseni musanayambe kuphunzitsa, chifukwa antchito adzakhulupirira khoma kuposa silaidi.

Werengani tsopano zomwe tajambula: mafunso atatu, mabokosi a zochita asanu ndi limodzi. Apa ndiye pa malire, ndipo musawonjezere funso lachinayi. Mudzafuna kutero, chifukwa mudzakumbukira za uja anabweza mafuta ophikira atathirako theka, ndi uja anatuma mwana. Zimenezo zonse zilowe m'bokosi la "imbirani amayi." Katswiri wa za maganizo Nelson Cowan anaonetsa mu 2001 kuti zinthu zomwe munthu amagwira m'mutu nthawi imodzi zimakhala pafupifupi zinayi, ndipo wantchito yemwe akukalipiridwa sangagwire zoposa pamenepo. Chithunzi chokhala ndi mphambano zisanu ndi ziwiri chimaoneka chanzeru pa laputopu, koma pa kauntala palibe angachikumbukire.

Mawu a m'mabokosi akhale achidule, asapitirire asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo ayambe ndi chochita: mvetserani, lembani, sinthani, imbirani. Mafunso akhale oyankhika ndi "inde" kapena "ayi" basi. Funso ngati "Katundu ali bwanji?" siligawa njira, aliyense aliyankha mwake. Ndipo "inde" azipita mbali imodzimodzi m'zithunzi zonse, tinene pansi, "ayi" kumanja. Pa funso lachitatu lija, pomwe njira zonse zikutha, musasinthe dongosololi. Diso likazolowera, munthu amatsata chithunzi asanawerenge n'komwe.

Kulandira ndalama ndi mzere wowongoka, mabokosi anayi kuchokera kumanzere kupita kumanja. Loyamba: tchulani mtengo mokweza. Lachiwiri: tchulani ndalama yomwe mwalandira, muiike pamwamba, osati m'kabati. Lachitatu: werengani chenji m'manja mwa kasitomala. Lachinayi: perekani lisiti, thokozani, kenako ikani ndalama m'kabati. Bokosi lachiwirilo ndi lomwe limathetsa mkangano wa "ndinakupatsa K5,000" pomwe wantchito akuti inali K2,000, chifukwa ndalamayo ikadali poonekera. Pansi pa mzerewu ikani chitsanzo chimodzi chokha, ndipo jambulani ndalama zenizeni ndi foni yanu. Katundu wa K3,650, munthu wapereka K5,000. Wantchito asamachotsere m'mutu, aziwerenga chokwera kuchokera pa mtengo: aike K50 n'kunena 3,700, aike K100 n'kunena 3,800, aike K200 n'kunena 4,000, aike K1,000 n'kunena 5,000. Chenji yonse ndi K1,350, ndipo kasitomala waiona ikukwana ndi maso ake. Ngati ndalama zing'onozing'ono zasowa, gamulani inuyo zochita ndipo zilembedwe. Kumuponyera munthu maswiti m'malo mwa K50 yake osamufunsa kumakwiyitsa kuposa momwe eni masitolo amaganizira.

Za Airtel Money ndi Mpamba zikhale pa silaidi yakeyake, ya funso limodzi: "Meseji yafika pa foni ya sitolo?" Osati pa foni ya kasitomala. Meseji yoonetsedwa pa foni ya munthu itha kukhala yakale kapena yopeka, ndiye katundu atuluke pokhapokha foni yanu yasonyeza ndalamazo, ndipo pakakhala chikayiko wantchito aone balansi. Koma pano m'pofunika kuwapatsa mawu oti anene, chifukwa netiweki imachedwa ndipo munthu woona mtima amamva kuwawa akamaoneka ngati akukayikiridwa. Bokosi la "ayi" likhale ndi chiganizo chenicheni: "Pepani bambo, netiweki ikuchedwa, tidikire pang'ono ifike kuno." Mlandu waugwetsera pa netiweki, osati pa munthuyo.

Za katundu yemwe palibe, funso limodzinso likwana: tili ndi china chofanana nacho? Ngati chilipo muonetseni, ngati palibe muuzeni tsiku lomwe chifike kapena sitolo yomwe angachipeze.

Mukasonkhanitsa zonsezi mupeza masilaidi pafupifupi 12. Yoyamba ndi chithunzi cha sitolo yanu ndi dzina lake. Kenako nkhani iliyonse mwa zisanu zija itenge masilaidi awiri, yoyamba ya vuto ndi yachiwiri ya chithunzi choyankha. Ya vutoyo ingokhala foto yomwe mwajambula m'sitolo mwanu, mwachitsanzo mng'ono wanu ataima pa kauntala ndi ketulo m'manja, ndi funso limodzi pansi: "Mungatani?" Alekeni ayankhe, atsutsane, kenako muonetse chithunzi. Munthu yemwe wayamba wayesa yekha kuyankha amachilandira chithunzicho ngati yankho la funso lake. Yomaliza ikhale ya manambala a foni oimba zinthu zikavuta. Mutu wa silaidi iliyonse ukhale chiganizo chonena mfundo, osati dzina la nkhani. "Chenji" si mutu wothandiza. "Ndalama ya kasitomala ikhale pamwamba mpaka chenji yakwana" ndi mutu woti ngakhale wina atangowerenga womwewo, watola.

Tsopano tsegulani laputopu. Mu PowerPoint, musanajambule kalikonse, pitani pa Design, kenako Slide Size, kenako Custom Slide Size, musankhe A4 Paper. Chifukwa chake n'chakuti zithunzizi zikathera pakhoma, ndipo mukasintha kukula kwa silaidi mutajambula kale, mabokosi amasokonekera. Mabokosi ali pa Insert, Shapes. Gwiritsani ntchito awiri okha: Rectangle pa zochita ndi Diamond pa mafunso. Pangani bokosi limodzi labwino, kenako mulichulukitse ndi Ctrl+D kuti onse akhale ofanana. Mivi itengeni pa gulu la Lines, ndipo poikoka yambirani pa kadontho komwe kamaoneka m'mphepete mwa bokosi n'kukathera pa kadontho ka bokosi linalo. Mukatero muvi umamatirira, ndipo mukasuntha bokosi umatsatira. Mukangoukoka m'malere, tsiku lomwe mudzasunthe bokosi limodzi mudzakonza mivi yonse. Kuti mabokosi a mzere wa ndalama atalikirane mofanana, asankheni onse, mupite pa Align, musankhe Distribute Horizontally. SmartArt ndi yofulumira pa mzere wowongoka, koma pa mphambano imavuta ndipo imachepetsa zilembo yokha mawu akachuluka, ndiye ine ndimaisiya.

Zilembo za m'mabokosi zisatsike pa 24, mitu ikhale cha m'ma 32 kapena 36. Pa chithunzi cha katundu wobwezedwa malo adzakuchepelani, ndipo mankhwala ake ndi kudula mawu, osati kuchepetsa zilembo. Poti pulojekita mulibe, anthu anayi adzakhala mozungulira laputopu, ndiye yesani chonchi: imani masitepe awiri kuchokera pa sikirini muwerenge. Yesaninso pa foni. Sungani ngati PDF, mudzitumizire pa WhatsApp, muone ngati mungawerenge osakulitsa ndi zala, chifukwa antchito anu adzazionera pamenepo ali kunyumba. Kumbuyo kukhale koyera, zilembo zakuda, ndi mtundu umodzi wokha wowonjezera wa mabokosi a mafunso. Musadalire zofiira ndi zobiriwira kusiyanitsa "ayi" ndi "inde." Makina a fotokope a m'tauni amatulutsa zonse zotuwa mofanana, komanso pali anthu ena, makamaka amuna, omwe mitundu iwiriyi sailekanitsa bwino. Lembani mawuwo pa muvi penipeni. Pa View pali Grayscale, yomwe imakuonetsani momwe pepala lidzatulukire musanawononge ndalama yopirintira.

Chithunzi cha mphambano musachionetse chonse nthawi imodzi, maso amabalalika. Njira yosavuta ndi iyi: malizani chithunzi chonse, pangani makope atatu a silaidiyo ndi Duplicate Slide, ndiye pa kope loyamba fufutani zonse kusiya mabokosi awiri apamwamba, pa lachiwiri musiye mpaka funso loyamba, chonchobe mpaka chathunthu. Mukamadina, chithunzi chimakula pang'onopang'ono, ndipo izi zimagwirabe ntchito mu PDF pomwe Animations sizigwira. Masilaidi owonjezerawa musawawerengere pa 12 aja, ndi silaidi imodzi yomweyo.

Zomwe inu mukanene zilembeni pa Notes, pansi pa silaidi, osati pa silaidipo. Richard Mayer, yemwe wafufuza kwa zaka zambiri za kuphunzira ndi zithunzi ku yunivesite ya California, anapeza kuti anthu amamva bwino chithunzi chikamafotokozedwa ndi pakamwa kusiyana ndi pamene mawu omwewo alembedwanso onse pa sikirini. Mukadzaza ndime pa silaidi, achinyamatawo aziwerenga m'malo momvera inu, ndipo owerenga pang'onopang'ono atsalira.

Chilankhulo chikhale Chichewa chomwe mumalankhula pa kauntala. Mawu oti anene kwa kasitomala alembeni ndendende m'kachizindikiro ka mawu kochokera pakamwa pa kamunthu kojambula ndi timizere: "Takulandirani amayi, ndikuthandizeni chiyani?" Gwirizananinso za maitanidwe, chifukwa achinyamata amabwera ndi zizolowezi za pa msewu. Bambo wachikulire ndi "bambo" kapena "agogo," osati "madala," ndipo aliyense, ngakhale mwana wotumidwa, ayankhidwe mwaulemu. Ku Salima kuno makasitomala ambiri a m'mbali mwa nyanja ndi Ayao, ndiye ngati mwa anayiwo muli wodziwa Chiyao, lembani zimenezo pa mapu pafupi ndi dontho lake, kuti agogo akavutika kufotokoza anzake adziwe womuitana.

Pophunzitsa, musatseke sitolo tsiku lonse. Gawani katatu, m'mawa musanatsegule kusanatenthe, mphindi 40 kapena 45 ulendo uliwonse, ndipo katundu wobwezedwa atenge m'mawa wake wonse. Pa nthawi imeneyo laputopu itenge gawo lochepa, yotsalayo muime pa kauntala penipeni ndi ketulo, lisiti ndi ndalama. Inu mukhale kasitomala wokwiya, ndipo musawamvere chisoni, kwezani mawu monga momwe anthu amachitiradi. Ulendo woyamba pepala likhale m'manja mwawo, wachiwiri mulitembenuze. Mapepala opirinta akhalepo nthawi zonse, magetsi akazima kapena batire ikatha phunziro lisaime.

Apa m'pamene mudzadziwe ngati chithunzi chili bwino. Mupatseni mmodzi pepala popanda kufotokoza chilichonse, mumuuze nkhani ya ketulo, ndipo ayendetse chala pa mivi akulankhula. Pomwe chala chaima n'kukayikira, pamenepo pali cholakwika pa chithunzi. Akafunsa kuti "ndiyambire pati," ndiye kuti bokosi loyamba silikuoneka kuti ndi loyamba, likulitseni kapena mulilembe 1. Awiri akatsata nkhani imodzi n'kukathera m'mabokosi osiyana, funso lina likumveka pawiri. Kawirikawiri limakhala lija la "chawonongeka," chifukwa wina amawerengera paketi yong'ambika pang'ono ndipo wina sawerengera, ndiye onjezani foto ziwiri pambali, ya chomwe mumati chawonongeka ndi ya chomwe sichinawonongeke. Mmodzi yekha akalakwitsa, mubwerezereni. Atatu akalakwitsa pamalo amodzi, musawakalipire, kakonzeni chithunzi.

Pali zomwe zithunzi sizingakonze, ndipo ndi bwino muzidziwiretu. Wantchito yemwe mumamudula malipiro pa chilichonse chomwe wasintha sadzasintha kanthu, ngakhale bokosi litanena kuti "sinthani pompano." Adzateteza thumba lake, ndipo sindingamuimbe mlandu. Ngati mwamupatsa malire a K10,000, tsiku lomwe wasintha babu la K3,000 motsatira chithunzi musamudzudzule, ngakhale inuyo mukanagamula mwina. Ndipo bokosi la "imbirani amayi" likufuna kuti amayi aziyankha foni. Mukakhala mu minibasi yopita ku Lilongwe foni ili pansi pa chikwama, njira imeneyo yafa, ndiye tchulani munthu wachiwiri woimbiridwa ndipo nambala yake ilembedwe m'bokosi momwemo.

Mukamaliza, matani chithunzi chilichonse pomwe ntchito yake imachitikira, mkati mwa kauntala moti wantchito aziona koma kasitomala ayi: cha ndalama pafupi ndi kabati, cha foni pomwe foni ya sitolo imakhala, cha katundu wobwezedwa pa chikuto cha kope lolembamo zobwezedwa. Ikani m'mapulasitiki a mafayilo kuti fumbi ndi thukuta zisawononge. Pakapita masabata awiri tsegulani kope limenelo muwerenge kuti foni zomwe munaimbiridwa zinali za nkhani zanji. Ngati zambiri zinali za katundu wa K12,000 kapena K15,000 ndipo nthawi zonse munkangovomera, kwezani malirewo. Mitengo ikukwera msanga masiku ano, moti nambala ya m'bokosilo idzakalamba chithunzi chonse chikadali bwino, choncho lembani mwezi ndi chaka pakona pa pepala lililonse, ndipo mukapirinta latsopano lakalelo muling'ambe lisatsale pakhoma.